Maso sawerenga katundu: mawu anga kwa amene amadikira mwezi uthe

Abale anga ochita malonda, ndi inu madalaivala amene mumatinyamulira katundu, pali mawu amene ndatopa kuwamva m'gulu lathu lino. Munthu akafunsa za kuwerenga katundu m'shopu, nthawi yomweyo pamadzuka wina n'kunena kuti, "Kashopu kanga n'kakang'ono, ndikangoponya maso pashelefu ndimadziwa chimene chatha." Wina amawonjezera kuti iye amawerenga kamodzi mwezi ukatha, ndipo zimamukwanira. Ine ndikuti onse awiri mukudzinamiza, ndipo wachiwiriyo akudzinamiza kwambiri chifukwa akuganiza kuti akuchita bwino.

Ndisanayambe kukangana nanu, dziwani kumene ndikulankhulira. Takishopu yanga ili pa komboni ya pulazi ina pakati pa Banket ndi Raffingora, ku Mashonaland West. Makolo anga anachokera ku Dedza, anabwera kudzagwira ntchito ya fodya monga anachitira azigogo a ambiri a ife, ndipo ine ndinabadwira konkuno. Makasitomala anga ndi anthu a pakomboni, alimi ang'onoang'ono amene analandira minda kuyambira 2000, ndi aganyu obwera nyengo yothyola fodya. Katundu ndimakapikula ku Chinhoyi Lachinayi lililonse, pa kalole kamene timasonkherana anthu atatu. Ndikaphonya Lachinayi limenelo ndiye kuti ndaphonya sabata yonse. Inu amene shopu yanu ili ku Mbare, holoselo ili pakhomo, mukhoza kulekera pomwepa. Ndikulankhula ndi anzanga a ku Trelawney, Tengwe, Mvurwi, Centenary, Shamva ndi kwina konse kumene msewu wa tala uli kutali.

Chimene chinandiphunzitsa kuwerenga si sukulu. Zaka zingapo zapitazo ndinaika mwana wa mlongo wanga pakaunta. Mwezi ukatha ndinkawerenga shopu yonse, usiku wonse ndi kandulo, ndipo mwezi uliwonse ndalama zinkaperewera. Mwezi wachitatu ndinamuitana n'kumuuza kuti ndi wakuba. Mnyamatayo anangoti, "Malume, sindinatengepo kanthu," n'kulongedza chikwama chake. Atachoka, katundu anapitirizabe kusowa chimodzimodzi. Ndipamene ndinayamba kuwerenga sabata iliyonse, ndipo m'masabata atatu okha ndinawagwira akuba anga. Woyamba anali mayi a kunyumba, amene ankatapa shuga ndi mafuta a pakhomo popanda kulemba, poti shopu ndi yathu. Wachiwiri ndinali ine mwini, wopatsa afolomani katundu pangongole ya pakamwa. Wachitatu anali makatoni ochokera ku holoselo ina, amene ankabwera omatidwa bwinobwino koma m'kati muli mabotolo 11 m'malo mwa 12. Ndinapita ku Mvurwi kukapepesa kwa mlongo wanga. Anandilandira, anandiphikira nsima, koma mwana wake sanabwererenso. Madzi akatayika saoleka.

Vuto la kuwerenga kamodzi pamwezi ndi limeneli. Kumakuuza kuti chinthu chasowa, koma sikungakuuze kuti chasowa liti ndiponso m'manja mwa ndani. Masiku 30 ndi ambiri. Katundu wabwera kanayi, pakaunta paima anthu atatu, ngongole zalembedwa zina zaiwalika. Ukatsala ndi dzenje la madola 60 popanda chifukwa chake, mtima umafunafuna munthu woti umuloze chala, ndipo umaloza amene ali wochepa mphamvu. Sabata ndi yaifupi. Lolemba ukhoza kukumbukirabe amene anabwera Loweruka.

Tsono ena mumati simuwerenga mabotolo, mumawerenga ndalama: zikachuluka m'kabati ndiye kuti zinthu zikuyenda. Ku Zimbabwe kuno munthu wonena zimenezi ndimamudabwa. Mwaiwala 2008? Tinaona madola a ku America akulowa mu 2009, mabondi mu 2016, ndalama ya dziko ikubwerera mu 2019, ZiG ikufika mu Epulo 2024. Mu Seputembala chaka chomwecho ZiG inagwa tsiku limodzi kuchoka pa pafupifupi 14 kufika kupitirira 24 pa dola imodzi. Munthu amene anagona ndi kabati yodzaza ZiG anadzuka ndi ndalama zomwezo, koma zogula katundu wochepa kwambiri. Botolo la mafuta linagona botolo, linadzuka botolo. Kabati yathu masiku ano ili ndi madola, ZiG, za pa EcoCash, ndi timapepala ta tchenje chimene tikusungira anthu. Kuphatikiza zonsezo kuti udziwe ngati shopu ikukula ndi kupima nsalu ndi mphira. Werengani zinthu, ndalama zibwere pambuyo.

Ndondomeko yanga yonse imazungulira tsiku limodzi, tsiku limene katundu amafika. Kwa ine ndi Lachinayi. Ngati kwanu lole imabwera Lachiwiri, sunthani masiku onse moyenera, koma musasinthe kutsatana kwake.

Lolemba ndi tsiku lalikulu. Ndimadzuka 5 koloko, chitseko chili chotseka, ndipo sindigulitsa ngakhale machesi mpaka nditamaliza. Ukamawerenga uku ukugulitsa, nambala imene upeze si ya dzulo ndipo si ya lero. Sindiwerenga shopu yonse ayi. Ndimawerenga zinthu 15 zokha zimene zimathamanga: ufa, shuga, mafuta ophikira, mchere, mpunga, fulawa, sopo wochapira wamtanda, sopo waufa, matemba, machanki, machesi, makandulo, Mazoe, mayunitsi a foni ndi masiwiti. Zimenezi ndi zimene zimalowetsa ndalama zambiri, ndiponso ndi zimene zimasowa. Ndimawerenga za pashelefu ndi za kuseri, ndikugwira chimodzichimodzi ndi dzanja. Katoni yotsegulidwa sindiikhulupirira, ndimasuzumiramo. Ntchito yonse imanditengera mphindi 40. Amene mumati mulibe nthawi, mphindi zimenezo n'zochepa kuposa zimene mumataya pokangana za mpira pakhonde.

Kope langa ndi la ana asukulu wamba. Tsamba lililonse ndi sabata imodzi, chinthu chilichonse chili ndi mzere wake, ndipo pamzerepo pali manambala anayi: zimene zinalipo Lolemba lapitalo, zimene zinabwera Lachinayi, zimene zilipo lero, ndi zimene zatuluka. Tiyeni titenge mafuta ophikira a malita awiri, monga zinalili sabata ina mwezi watha. Lolemba lapitalo ndinali ndi mabotolo 20. Lachinayi panabwera makatoni awiri, mabotolo 24. Lolemba lino ndapeza 17. Ndiye 20 kuphatikiza 24 ndi 44, kuchotsapo 17 kutsala 27. Mabotolo 27 atuluka pakhomo la shopu m'masiku asanu ndi awiri.

Kutuluka si kugulitsidwa. Apa ndi pamene pamafunika pepala lachiwiri, limene limakhala pakaunta sabata yonse. Pa zinthu 15 zija, chilichonse chikachoka pashelefu, woima pakaunta amalemba kandodo, ndipo kandodoko kali ndi malo anayi oti kagwere: kashi, ngongole, za kunyumba, ndi zotsegula. Zotsegula ndi botolo limene talitsanulira m'timapulasitiki kuti tigulitse pang'onopang'ono, timene kuno timati tsaona, monga kumudzi amati wokumani ponena kathumba ka ufa wa tsiku limodzi. Sabata imeneyo pepala linati kashi 19, ngongole 5, kunyumba limodzi, lotsegula limodzi. Zonse pamodzi 26. Kope likuti 27. Botolo limodzi lasowa.

Ndikudziwa kuti ena mukuseka kuti munthu wamkulu akulira botolo limodzi. Ndinaligula madola atatu, ndipo phindu langa pabotolo ndi masenti 30. Kuti ndibweze botolo losowalo ndiyenera kugulitsa mabotolo ena khumi popanda kupeza kalikonse. Mwa mabotolo 24 amene ndinagulitsa sabata imeneyo, khumi ndinagulitsira mphepo. Likamasowa limodzi sabata iliyonse, pachaka ndi mabotolo 52, madola 156, pa mzere umodzi wokha mwa mizere 15. Botolo lija linapezeka tsiku lomwelo. Mwana wanga wamkazi anakumbukira kuti Loweruka madzulo, anthu atadzaza pawindo, agogo ena anatenga mafuta n'kunena kuti alipira malipiro akatuluka, ndipo iye anaiwala kulemba. Tinalemba Lolemba, agogowo anavomera, nkhani inatha. Tikanadikira mwezi, bwenzi mwana ataiwala, agogo ataiwala, ine ndikuyang'ana wina ndi diso lofiira.

Tsopano tibwere kwa inu a maso. Mabotolo 17 pashelefu yanga amaoneka ambiri, amadzaza mizere iwiri. Diso likuti pumulani bambo, mafuta alipo. Kope likuti ndikugulitsa 27 pasabata, kutanthauza pafupifupi anayi patsiku, ndipo 17 ndi masiku anayi basi. Kope likunenanso china chimene diso silingaone konse. Ndinaoda 24 koma panatuluka 27, choncho shelefu ikutsika ndi mabotolo atatu sabata iliyonse. Ndi m'mene shopu imafera mwini wake akumwetulira. Kabati imaoneka yonona chifukwa ukudya katundu wa pashelefu osamubwezera yense, ndipo ndalama yoonjezerayo umaiyesa phindu. Ndi mpamba wako umene ukuudya.

Funso loti ndioda angati lili ndi msampha umene ambiri timagweramo. Timaoda za sabata imodzi. Koma taonani masiku. Ndawerenga Lolemba m'mawa. Katundu amene ndiode tsopano afika Lachinayi madzulo, ndipo wina sadzabweranso mpaka Lachinayi la sabata yamawa madzulo. Kuyambira Lolemba lino kufika Lachinayi lachiwirilo pali masiku 11 ogulitsa. Mabotolo amene ndili nawo pamodzi ndi amene ndiode ayenera kukwanira masiku 11, osati asanu ndi awiri. Anayi patsiku kwa masiku 11 ndi 44. Pamwamba pake ndimaikapo za masiku atatu ena, mabotolo 12, kuchitira tsiku limene lole yaphulika tayala kapena ku holoselo kulibe mafuta. Zafika 56. Ndichotsepo 17 amene alipo, kutsala 39. Katoni ili ndi 12, choncho makatoni atatu ndi 36, anayi ndi 48. Pakati pa mwezi ndimatenga atatu. Masamu onse ndi omwewo pa shuga, ufa ndi sopo: zotuluka patsiku, kuchulukitsa ndi masiku ofika lole yachiwiri, kuonjezera zosungira ngozi, kuchotsa zimene zilipo.

Koma masamu amenewa amanama m'malo atatu, ndipo ndikapanda kunena mudzanditukwana.

Amanama poyamba pa sabata ya malipiro. Shopu ya pa pulazi siyenda ngati ya m'tauni. Masabata atatu anthu amagula tsaona ndi kulembetsa ngongole, kenako malipiro akatuluka kumapeto kwa mwezi amabwera onse tsiku limodzi kudzatenga thumba la ufa la makilo khumi, shuga, mafuta ndi sopo. Ukaoda za sabata imeneyo poyang'ana sabata yatha, Loweruka masana shelefu imakhala mbee, ndipo anthu amakwera galimoto kupita ku Banket ndi ndalama zawo zonse, kuphatikizapo zimene akanabweza ngongole yako. Choncho pa oda ya sabata ya malipiro ndimatembenuza masamba anayi kubwerera m'mbuyo, n'kuona zimene zinatuluka pa malipiro apitawo. Mafuta aja ndimatenga makatoni anayi kapena asanu. Ndiponso ndimafunsa akalaliki a pa pulazi tsiku lenileni la malipiro, chifukwa mapulazi ena amachedwa, ndipo kudzaza shopu sabata yolakwika ndi kumanga ndalama m'matumba a ufa.

Amanamanso chinthu chikatha sabata isanathe. Tinene kuti shuga anatha Loweruka masana, ndipo kope likuti panatuluka mapaketi 30. Nambala imeneyo si ya zimene anthu ankafuna, ndi ya zimene ndinali nazo. Ukaoda potengera 30, shuga adzathanso Loweruka, kope lidzanenanso 30, ndipo udzakhala ukuzungulira pomwepo chaka chonse ukukhulupirira kuti anthu a kwanu amadya mapaketi 30. Ine chinthu chikatha ndimajambula kanyenyezi pamzere wake, ndipo aliyense wobwerera chimanjamanja timamulembera kandodo kake kumbuyo kwa pepala. Tindodo timeneto timaonjezedwa pa nambala ya oda. Mzere wokhala ndi nyenyezi masabata awiri otsatana ndi mlandu wanga, si wa holoselo.

Kachitatu ndi nyengo. Kuyambira Disembala mpaka Malichi msewu wathu wafumbi umasanduka phala, ndipo kalole kakhoza kulephera kutuluka. Nthawi imeneyo zosungira ngozi ndimazikweza kuchoka pa masiku atatu kufika pa sabata yathunthu, koma pa zinthu zosawonongeka zokha. Shuga ndi mchere zimayamwa chinyezi, ufa umafumbwa, choncho zimakhala pa matabwa, kutali ndi khoma. Januwale anthu amathera ndalama ku sukulu ndi feteleza, malonda amagona. Misika ya fodya ikatsegulidwa cha mu Malichi, alimi akayamba kulandira, manambala onse amadumpha, ndipo kope la chaka chatha ndi limene limandiuza kuti adumpha motani. Ndi chifukwa chake makope akale sindiyatsira moto.

Lachiwiri ndi la zinthu zogona: mapoto, nsapato za pulasitiki, makope, mafuta odzola, mabatire, zitenje. Shopu ndinaigawa zigawo zinayi, ndipo Lachiwiri lililonse ndimawerenga chigawo chimodzi. Pakutha kwa masabata anayi shopu yonse yawerengedwa popanda kugona ndi kandulo. Chinthu chimene nambala yake sinasinthe maulendo atatu otsatana chakhala miyezi iwiri osagwedezeka. Ndimachitsitsa mtengo, ngakhale kufika pa mtengo umene ndinagulira, kuti ndalama ituluke m'ndende. Tsiku lomwelo ndimaphatikiza kope la ngongole. Ngongole ndi katundu amene wachoka pashelefu koma sadzapita nane ku Chinhoyi, ndipo zonse pamodzi zikaposa mtengo wa oda ya sabata imodzi ndimatseka kope mpaka malipiro.

Lachitatu madzulo ndi pamene pepala la oda limakumana ndi kabati, ndipo nthawi zambiri kabati ndi imene imachepa. Oda ikuti madola 420, m'manja muli 350. Apa ndi pamene anthu amasokonekera. Amafika ku holoselo opanda pepala, n'kuyamba kugula zimene zatsika mtengo tsiku limenelo. Ine ndimadula ndili kunyumba, ndipo ndimadula kuchokera pansi. Zothamanga zija sizikhudzidwa. Choyamba kuchotsedwa ndi zogona, kenako ndimachepetsa zosungira ngozi. Mitengo ndimafunsiratu pa WhatsApp, ndipo ndimasuzumira mizere itatu kapena inayi imene inali pafupi kutha Lolemba, kuopa kuti mwina wina anabwera kudzagula za pamaliro n'kusesa shelefu.

Pano ndilankhule ndi inu abale athu madalaivala, ndipo musakwiye. Mumaima pa Banket kapena pa Karoi pa msewu wa ku Chirundu n'kutiimbira kuti mwabwera ndi mabulangete otchipa a ku Musina, titenge lero chifukwa mawa mulibe. Katunduyo ndi wabwino, mtengo wake ndi wabwino, sindikutsutsa. Koma taonani madola 36 a munthu amene mpamba wake ndi wochepa. Akagula mabulangete atatu pa madola 12 lililonse n'kugulitsa pa 18, apeza madola 18, ndipo pa komboni yanga, kunja kwa Juni ndi Julayi, mabulangete atatu amatenga miyezi itatu. Madola 36 omwewo ndi katoni ya mafuta, imene phindu lake ndi madola atatu ndi masenti 60 okha, koma imatha sabata isanathe. Pa masabata 12 yabweretsa madola opitirira 43, ndipo munthu wodzagula mafuta amatengeranso mchere ndi matemba. Ngati oda ya Lachitatu yakwanira ndipo ndalama yatsala, bulangete ndigula mokondwa. Ngati sinakwanire, bulangete limenelo ndaligula ndi mafuta a makasitomala anga. Munthu wopanda kope sangadziwe kuti ali mbali iti, ndipo ndi iye amene amakuyankhani mwachangu.

Chimene ndimapempha kwa inu ndi tsiku loona. Katundu wodutsa malire amachedwa, ndipo masamu ake amadabwitsa. Ine ndimagulitsako mpunga wa Kilombero wochokera kumudzi, poti anthu athu kuno amaukonda fungo lake. Umatuluka makilo khumi pasabata, choncho thumba la makilo 50 limakhala masabata asanu. Kuchokera tsiku limene ndaimba foni kufika tsiku limene thumba ladutsa pa Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Harare n'kufika kwa ine, pamapita masabata atatu zinthu zikayenda bwino. Masabata atatu ndi makilo 30, kuonjezera sabata imodzi yochitira mzere wa pamalire, makilo 40. Ndiye kuti ndiyenera kuimba foni thumba lomaliza nditangolitapako makilo khumi, likadali lodzaza m'maso. Munthu wa maso amaimba pamene mbale yayamba kukanda pansi pa thumba, n'kukhala masabata atatu akuuza anthu kuti mpunga uli m'njira. Dalaivala akandiuza kuti afika Lachisanu pamene akudziwa kuti sanapakire n'komwe, wandionongera masamu onsewa. Ndiuzeni masabata anayi ngati ndi anayi, ndidzaoda msanga, ndipo tonse tidzadya.

Lachinayi ndi la ulendo, ndipo lamulo lake ndi limodzi: katundu amawerengedwa kawiri. Koyamba ndi pakhomo la holoselo asanakwere lole, lisiti lili m'manja, katoni iliyonse yooneka kuti inamatidwanso ikutsegulidwa pomwepo. Ukadandaula uli ku Raffingora palibe amene adzakumvere. Kachiwiri ndi potsitsa kunyumba, chifukwa pa lole ya anthu atatu belo la shuga limatsika pa shopu yolakwika popanda wakuba aliyense. Nambala imene imalowa m'kope ndi ya zimene zafika pashelefu, osati ya palisiti. Pa katoni iliyonse ndimalemba tsiku ndi cholembera chakuda.

Lachisanu m'mawa timayala. Zakale zimabwera kutsogolo, zatsopano kumbuyo, ndipo pogwiragwirapo ndi pamene umaona paketi yoboola makoswe kapena fulawa amene tsiku lake layandikira. Zoonongeka zimalembedwa pamzere wake, apo ayi Lolemba zidzaoneka ngati zabedwa. Timatsanuliratu tsaona za kumapeto kwa sabata. Apa yesani kamodzi muone kuti botolo limodzi likutulutsa timapulasitiki tingati ndi paketi ya shuga timakapu tingati, mulembe pakhoma. Dzanja la mwana wachifundo limadzazitsa, ndipo phindu la tsaona limathera pamenepo. Loweruka siliwerengedwa kanthu, ndi logulitsa ndi kulemba tindodo. Lamulungu timatsegula tikabwera ku tchalitchi.

Buledi yekha alibe malo m'ndondomeko imeneyi. Amawerengedwa tsiku limene galimoto yake yabwera, alibe zosungira ngozi, ndipo kuli bwino athe madzulo anthu awiri abwerere kusiyana n'kutsala ndi malofu asanu ochita nkhungu. Masiwiti ndinawaika dala pa zinthu 15 zija ngakhale ndi otchipa. Popeza makobidi a dola kuno ndi osowa, siwiti ndi tchenje, ndipo chinthu chimene chikugwira ntchito ya ndalama chiyenera kuwerengedwa ngati ndalama.

Pali zodandaula ziwiri zimene ndimazilemekeza. Amayi ena anandiuza kuti iwo sukulu sanapite patali, zolembalemba zimawazunguza mutu. Mayi, ngati mumatha kubweza tchenje cha madola khumi osalakwitsa, masamu a m'kope ndi ochepa kuposa amenewo. Dzina la chinthu likavuta, matani chikutu chake pamzere, tindodo sitifuna galamala. Yambani ndi zinthu zisanu, zina zidzabwera. Chachiwiri n'cholemera. Akuti kuwerenga katundu pamene pakaunta pali mkazi wako kapena mphwako ndi kumunena kuti ndi wakuba, ndipo pachibale chathu zimenezo sizimveka bwino. Ndikumva. Koma ine ndinatchula mwana wa mlongo wanga wakuba nthawi imene sindinkawerenga sabata ndi sabata. Lero timawerenga awiri, wina akugwira wina akulemba, ndipo mzere wa za kunyumba umayamba ndi dzina langa, fodya wanga ndi Mazoe wanga zili pomwepo aliyense akuona. Mayi a kunyumba amatengabe shuga monga kale, palibe amene anawaletsa. Amangolemba kandodo.

A mafoni nawonso alipo, amene amati zonsezi zimachitika pa pulogalamu ya pa foni. Ngati muli nayo gwiritsani ntchito, imaphatikiza msanga kuposa ine. Koma foni imadziwa zimene mwaiuza basi. Siikudziwa za botolo la agogo aja, za katoni ya 11, kapena za khoswe. Idzakuuzani kuti mafuta atsala 18 pamene pashelefu pali 17, ndipo kuti mudziwe kusiyanako muyenera kudzukabe Lolemba chitseko chili chotseka.

Amene mukufuna kunditsutsa, musabwere ndi mawu. Sankhani chinthu chimodzi chimene mumachidziwa bwino m'shopu mwanu, shuga kapena sopo. Lamulungu usiku lembani papepala nambala imene maso anu akuti ilipo, ndi imene mukuganiza kuti imatuluka pasabata, mupinde pepalalo. Lolemba werengani ndi dzanja, Lolemba linalo muwerengenso, mutibweretsere manambala onse m'gulu muno. Ine pamene ndinayesa koyamba ndinalumbira kuti sopo wamtanda amatuluka 20 pasabata. Anali kutuluka 33.